Kodi Paulo anatseka akazi pakamwa ku Korinto?

Pophunzitsa makalata a Paulo ndimayamba ndi 1 Akorinto 11:5, ndisanafike pa vesi limene aliyense akulidikira. Pamenepo Paulo akunena za mkazi amene akupemphera kapena kunenera, ndipo nkhawa yake ndi ya chofunda kumutu basi. Kunenera sikuchitika chamumtima. Mawu amatuluka, anthu n'kumva. Kenaka timatsegula 14:34, pamene pali mawu akuti akazi akhale chete m'mipingo. Kalata ndi yomweyo, anthu olandira ndi omwewo. Wowerenga moona mtima ayenera kufunsa kuti chete ameneyu ndi wotani.

Yankho limayambira m'mutu 14 momwemo. Mawu a Chigiriki otanthauza kukhala chete, sigao, akupezeka katatu. Pa vesi 28 akuuzidwa wolankhula malilime: ngati palibe womasulira, akhale chete. Pa vesi 30 akuuzidwa mneneri: wina amene wakhala pansi akalandira vumbulutso, woyambayo akhale chete. Akazi akubwera kachitatu. Palibe amene amati mneneri uja analetsedwa kulankhula moyo wake wonse. Anauzidwa kupereka mpata kuti anthu amvane, chifukwa mutu wonsewu ukulimbana ndi chisokonezo pa mapemphero.

Mpingo wa ku Korinto unalibe tchalitchi, guwa kapena mabenchi. Paulo anakhala mumzindawo chaka ndi theka cha m'ma 51, ndipo okhulupirira ankasonkhana m'nyumba za anthu, monga ya Gayo. Tangoganizani chipinda chodyera chodzaza, ena ataima pakhomo, akapolo ndi mabwana awo pamodzi, wina ali ndi salimo, wina chiphunzitso, wina malilime, monga vesi 26 likunenera. Vesi 35 likutiuza mtundu wa kulankhula kumene kunavuta: ngati akufuna kuphunzira kanthu, akafunse amuna awo kunyumba. Nkhani ndi ya mafunso, ndiponso ya akazi okwatiwa, pakuti m'Chigiriki mawu amodzi omwewo amatanthauza mkazi komanso mkazi wa munthu. Mwa Agiriki ndi Aroma atsikana ambiri ankakwatiwa ali aang'ono, asanaphunzire mofanana ndi anyamata, ndipo mkazi wapabanja kufunsa mwamuna wa eni pagulu kunali kochititsa manyazi. N'chifukwa chake vesilo likutchula za manyazi. Vesi 29 linali litangonena kuti mneneri akalankhula ena ayese mawu ake, choncho akatswiri ena amati chimene chikuletsedwa ndi mkazi kupanikiza mneneri ndi mafunso, mwina mneneriyo ali mwamuna wake yemwe.

Mudzamva alaliki ena akunena kuti akazi ankakhala mbali yawo n'kumakuwira amuna awo mbali inayo. Nkhaniyi imakoma, koma ilibe umboni, ndipo ine sindiiphunzitsa.

Pali chinthu china chimene Baibulo la m'manja mwanu silingakuonetseni msanga. Asanayambe kusindikiza mabuku, makalatawa ankakoperedwa pamanja. M'mipukutu ina yakale, monga Codex Claromontanus ya m'zaka za m'ma 500, mavesi 34 ndi 35 sali pamene tinawazolowera. Ali kumapeto, pambuyo pa vesi 40. Yesani kuwerenga vesi 33 n'kulumphira ku 36, muona kuti nkhani ya aneneri ikuyenda bwinobwino. Komanso mawu a pa vesi 34 akuti chilamulo chimanena zomwezo ndi ovuta, poti m'mabuku a Mose mulibe lamulo loti akazi akhale chete, ndipo Paulo akatchula chilamulo nthawi zambiri amagwira mawu ake, monga pa vesi 21. Pa zifukwa zimenezi akatswiri ena, mmodzi wa iwo Gordon Fee, anagamula kuti mavesi awiriwa anayamba ngati ndemanga ya m'mphepete mwa tsamba, okopera n'kuilowetsa m'malo awiri osiyana.

Apa ndimachenjeza ophunzira anga kuti asathamange. Palibe mpukutu ndi umodzi womwe umene mavesiwa mulibe. Mpukutu wa gumbwa wotchedwa P46, wa cha m'ma 200, uli nawo pamalo a masiku onse. Kusuntha kwake n'koona, koma sikokwanira kuti tiwafufute. Ineyo ndimawatenga ngati mawu a Paulo onena za vuto lenileni la m'nyumba ina ku Korinto, ndipo chimandilimbitsa mtima ndi zimene Paulo yemweyo anachita. Analemba Aroma ali ku dera la Korinto, ndipo pa 16:1 akuyamikira Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, doko la Korinto lomwelo. Priskila, amene Paulo anakhala kwawo ndi kusoka naye mahema, ndiye anathandizana ndi mwamuna wake Akula kuwongola chiphunzitso cha Apolo ku Efeso.

Zimandipweteka ndikaona mayi amene wakhala akuyendera odwala ndi kutsogolera mapemphero zaka zambiri akukhazikidwa pansi ndi vesi limodzi lowerengedwa palokha. Amene akufuna kukambirana za udindo wa akazi mumpingo ali ndi 1 Timoteo 2:11-12, ndime ya ku Efeso yokhala ndi mawu ena a Chigiriki ndi mavuto akeake. Koma 1 Akorinto 14:34 singaletse mkazi kupemphera kapena kunenera pamsonkhano, poti mutu 11 unamupeza kale akuchita zimenezo ndipo sunamuletse.