Thukuta Lochuluka Si Umboni Woti Mafuta Achoka M'thupi

Kuno ku chigwa cha Shire, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumafika kapena kupitirira madigiri 40, munthu amatuluka thukuta ngakhale atangokhala pansi pa mtengo. Komabe anthu ambiri amene akufuna kuchepetsa thupi amakhulupirira kuti malaya akanyowa ndiye kuti mafuta asungunuka, moti ena amathamanga masana atavala jekete kapena atakulunga pulasitiki pamimba. Mchitidwe umenewu suchepetsa mafuta, ndipo m'dera lotentha ngati lathu lino ukhoza kupha munthu.

Thukuta ndi madzi osakanikirana ndi mchere pang'ono, ndipo ntchito yake ndi kuziziritsa thupi pamene likuuma pakhungu. Mafuta satulukira pakhungu ayi. Thupi likagwiritsa ntchito mafuta kuti lipeze mphamvu, gawo lalikulu la mafutawo limasanduka mpweya umene timautulutsa popuma, ndipo gawo lotsalalo limasanduka madzi.

Tiyerekeze bambo wa ku Nchalo wolemera makilogalamu 70 amene wathamanga makilomita 5 masana mu Okutobala atavala jekete. Pobwerera akukwera pa sikelo n'kupeza kuti watsika kufika pa 68.5, ndipo akukondwa kwambiri. Koma lita imodzi ya thukuta imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, choncho chimene wataya bamboyu ndi madzi okwana lita imodzi ndi theka, amene abwerera m'thupi akangomwa madzi ndi kudya nsima yamadzulo. Nanga mafuta achoka ochuluka bwanji? Munthu wolemera chonchi amagwiritsa ntchito makalori, omwe ndi muyeso wa mphamvu, pafupifupi 350 pa ulendo wotere, pamene kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Ngakhale mphamvu yonseyo ikanachokera ku mafuta okha, amene achoka sakanapitirira magalamu 50. Bambo yemweyo akathamanga mtunda womwewo m'mamawa mu Juni, kapena kumtunda kozizira ngati ku Thyolo, adzatuluka thukuta lochepa kwambiri, koma mphamvu imene wagwiritsa ntchito idzakhala pafupifupi yofanana.

Kuchuluka kwa thukuta kumatengera nyengo, zovala, kukula kwa thupi ndiponso chibadwa. Nthawi ya mvula, kapena pafupi ndi madambo a mtsinje wa Shire kumene mpweya uli ndi chinyezi, thukuta siliuma msanga, limangoyenderera, ndipo thukuta longodontha pansi siliziziritsa thupi. Chinanso chimene ambiri sachiyembekezera n'chakuti munthu wozolowera ntchito ya padzuwa, monga wodula nzimbe kapena wakabaza, amayamba msanga kutuluka thukuta ndipo limatuluka lambiri, chifukwa thupi lake laphunzira kudziziziritsa. Choncho tisamanene kuti mnzathu ndi waulesi kumunda pongoona kuti malaya ake ndi ouma, kapena kuti wanyowa kwambiri ndiye walimbikira kuposa onse.

Choopsa chenicheni chili pa kutha kwa madzi m'thupi. Munthu akataya madzi okwana magawo 2 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, mlingo umene bambo wa ku Nchalo uja waupitirira kale, mtima umathamanga, mphamvu zimachepa, ndipo amatopa msanga n'kusiya ntchito imene ikanamuthandiza kuchepetsa mafuta. Zizindikiro zake ndi mutu kupweteka, chizungulire, kukokana kwa minofu, komanso mkodzo wochepa wachikasu kwambiri. Kusowa madzi kotereku kukamachitika tsiku ndi tsiku kumavulaza impso. Woonetsa zizindikiro zimenezi akhale pamthunzi, amasule zovala, ndipo amwe madzi pang'onopang'ono kapena Thanzi ORS. Akayamba kusokonekera maganizo, kuyankhula zosamveka kapena kukomoka, mumuthire madzi thupi lonse, mumukupize, ndipo muthamange naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale thukuta likadali kutuluka. Wokomoka musamumwetse kanthu.

Pofuna kudziwa ngati mukulimbitsa thupi mokwanira, mvetserani kapumidwe kanu m'malo moyang'ana malaya. Ngati mukutha kuyankhula koma simungathe kuimba nyimbo, ndiye kuti mukulimbikira pa mlingo woyenera, ndipo munthu wamkulu amafunika mphindi zosachepera 150 za mtundu umenewu pa sabata, makamaka m'mamawa kapena madzulo dzuwa litapepa. Pofuna kudziwa ngati mafuta akuchepadi, dzipimeni pa sikelo imodzimodzi kamodzi pa sabata, m'mamawa musanadye, ndipo yezani chiuno ndi tepi ya atelala chapamchombo kamodzi pa mwezi. Kutsika kwa theka la kilogalamu pa sabata, kopitirira kwa milungu ingapo, ndiko kumasonyeza kuti amene akuchoka ndi mafuta osati madzi.