Wawu wolondoloza nkhani m'Chihebri ndi kamasuliridwe kake

Munthu akamawerenga Chipangano Chakale mu Buku Lopatulika amaona kuti mavesi ambiri amayamba ndi mawu akuti "ndipo". Gwero la zimenezi ndi wawu, lembo lachisanu ndi chimodzi la Chihebri, limene limaphatikizidwa kumayambiriro kwa mneni pofuna kuonetsa kuti nkhani ikupitirira.

Mneni wakuti יָקוּם, amene timamutchula kuti yakumu, nthawi zambiri amanena za m'tsogolo, ndiye kuti "adzanyamuka". Koma wawu akabwera kutsogolo kwake ndi liwu la "a", lembo lotsatira limalandira kadontho pakati kosonyeza kuti litchulidwe ngati malembo awiri, ndipo mneniyo amafupika n'kukhala וַיָּקָם, wayakomu, kutanthauza kuti "ananyamuka". Zizindikiro ziwirizo, liwu la "a" ndi kadonthoko, ndizo zimasiyanitsa wawu ameneyu ndi wawu wamba amene amangolumikiza mawu. Mneni wotereyu amakhala poyambirira m'chiganizo, ndipo mwininkhani amabwera pambuyo pake.

Pa Genesis 25:34 pali aneni asanu otere ondondozana, onse onena za Esau atalandira mkate ndi mphodza kwa Yakobo. Anayi oyambirira alibe mawu ena aliwonse pakati pawo, ndipo liwiro limenelo n'ladala, chifukwa wolemba akutionetsa munthu amene sanaime n'komwe kuti aganizire chimene wataya. Womasulira akalemba kuti "ndipo anadya, ndipo anamwa, ndipo ananyamuka, ndipo anapita", amakhala atatsata lembo lililonse koma atapha liwirolo. Chichewa chili ndi njira yakeyake yolondolozera zochitika, imene timaigwiritsa ntchito pokamba nthano: nthawi timaitchula pa mneni woyamba yekha, ena onse n'kumangotsatira. Choncho tingathe kunena kuti "anadya, namwa, nanyamuka, napita", kapena m'kalankhulidwe ka masiku ano, "anadya, n'kumwa, n'kunyamuka, n'kumapita". Ine ndimaona kuti apa Chichewa chimayandikana kwambiri ndi Chihebri, ndipo palibe chifukwa chodzazira tsamba ndi "ndipo".

Mneni wachisanu, wonena kuti Esau ananyoza ukulu wake, ndiye wofunika kusamala naye. Maonekedwe ake ndi ofanana ndi anzake aja, koma kunyoza ukulu si chinthu chimene Esau anachita atachoka pamalopo, ngati kuti anakayamba kunyoza ali m'njira. Kudya kuja ndi kuchoka kuja ndiko kunali kunyozako, ndipo wolemba akungopereka chigamulo chake pa zonse zimene zachitika. Pamenepa "kenako" angasocheretse owerenga, pamene "motero Esau ananyoza ukulu wake" akumveketsa bwino ganizolo. Womasulira ayenera kudzifunsa pa mneni aliyense ngati chochitikacho chikutsatira chinzake m'nthawi, kapena ndi chotsatira chake, kapena chikungomanga pamodzi zimene zanenedwa kale.

Pamene mndandanda wa aneniwa waduka m'pamene pamakhala nkhani yaikulu. Wolemba akafuna kuimitsa nkhani, amaika wawu pa dzina m'malo mwa mneni, ndipo mneniyo amabwera pambuyo ali mu mtundu wina wopanda wawu. Pa Genesis 31:33 Labani akufunafuna timafano take, akulowa m'hema wa Yakobo, wa Leya ndi wa adzakazi awiri, mpaka kufika m'hema wa Rakele, ndipo aneni ake akutsatana mwa njira ija. Vesi 34 ikuyamba ndi dzina la Rakele. Amene angamasulire kuti "ndipo Rakele anatenga timafanoto" amapangitsa kuti zioneke ngati mkaziyo akubisa zinthu bambo ake ali pomwepo akuyang'ana, zimene sizingatheke. Wolemba wabwerera m'mbuyo, ndipo Chichewa chiyenera kunena kuti "koma Rakele anali atatenga kale timafanoto, atatiika m'chishalo cha ngamira, n'kutikhalira". Aneni awiri otsatirawo, kuika ndi kukhalira, ali ndi wawu wolondoloza, koma akulondoloza zimene zinachitika kale zija, osati kufufuza kwa Labani. Nkhani ya Labani imayambiranso pamene dzina lake latchulidwanso, akupapasa m'hema monse osapeza kanthu.

Chimodzimodzinso pa Yona 1:5, amalinyero akuchita mantha, akufuulira milungu yawo ndi kutaya katundu m'nyanja, kenako dzina la Yona likutsogolera mneni, ndipo omasulira ambiri amamva kuti iye anali atatsikira kale m'kati mwa chombo n'kugona tulo. Komabe dzina likatsogola sikuti nthawi zonse nkhani yabwerera m'mbuyo. Pa Genesis 4:4 dzina la Abele likutsogola pofuna kumuika pambali pa Kaini, amene nsembe yake yangotchulidwa kumene, ndipo pamenepo mawu oyenera ndi akuti "nayenso Abele anabweretsa", osati "anali atabweretsa".